Mmene ndimalembera imelo yoperekeza mafayilo kuti wolandira adziwe poyang'ana

Pa ntchito yanga ya ulembi mu komiti, ndimatumiza mafayilo kwa anthu otanganidwa amene nthawi zambiri amawerengera imelo pa foni. Munthu wotere akaona mawu akuti "landirani mafayilo awa" basi, amayenera kutsegula fayilo iliyonse, kuganiza yekha kuti ndi ya chiyani, ndiponso kulota chimene ndikufuna kwa iye. Ndi chifukwa chake ndimaonetsetsa kuti fayilo iliyonse yatchulidwa dzina m'kalatamo, yapatsidwa ntchito yake, ndipo malo enieni oyang'ana asonyezedwa. Ndifotokoza mmene ndinachitira potumiza mafayilo atatu okhudza mgwirizano wokonza denga la ofesi, amene anapita kwa a wapampando ndi a msungichuma.

Ndisanalembe liwu lililonse, ndinayamba ndakonza mayina a mafayilowo, chifukwa fayilo ikatsitsidwa mu kompyuta imasiyana ndi kalata imene inabwera nayo, ndipo chimene chimatsala chikuifotokoza ndi dzina lake lokha. Makina ojambulira mapepala anali atapatsa fayilo ina dzina lakuti `Scan0007.pdf`, pomwe mgwirizanowo unkatchedwa `final2.docx`, mayina amene sauza munthu kanthu. Ndinawasintha motere:

```
1_mgwirizano-wa-denga_v3.docx
2_bajeti-ya-denga_v3.xlsx
3_kotesheni-ya-mmisiri.pdf
```

Nambala ya kumayambiriro imasonyeza ndondomeko yowerengera, ndipo ndimaiika patsogolo chifukwa foni imadula dzina lalitali n'kuonetsa mbali yake yokha. Chizindikiro cha `v3` chimathandiza munthu amene ali kale ndi `v2` kuti asasokoneze ziwirizi. Zizindikiro monga `/`, `:` ndi `?` ndimazipewa popeza Windows sazilola m'dzina la fayilo.

Kenaka ndinatsegula fayilo iliyonse ndi kudzifunsa funso limodzi: kodi wolandirayu achite nayo chiyani? Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndimachedwapo dala. Fayilo ina imafunika kuvomerezedwa, ina kufufuzidwa manambala, ina kusainidwa, pomwe ina n'njongosunga monga umboni. Ngati sindinanene, munthu wosamala amataya nthawi yake kuwerenga zonse mofanana, ndipo wofulumira amangodutsamo zonse n'kuphonya malo amodzi amene ndinkafuna maso ake.

Mgwirizanowo unali wa masamba 9, koma chimene chinasintha kuchokera pa `v2` chinali ndime ziwiri zokha. Ndime 5 inali ndi mtengo watsopano wa ntchito yonse, ndipo ndime 6 inkanena kuti malipiro aperekedwa m'magawo atatu m'malo mwa awiri. Ndinasiya Track Changes yoyatsa mu Word kuti mawu ochotsedwa ndi owonjezedwa aoneke, koma sindinadalire zimenezo zokha, chifukwa fayilo ikatsegulidwa mongosuzumira pa foni zosinthazo sizioneka bwino nthawi zonse. Mu bajeti, chimene chinakwera chinali mtengo wa mayendedwe, ndipo chinali pa tsamba lachiwiri la fayilo ya Excel. Ambiri akatsegula fayilo yotere amayang'ana tsamba limene laonekera koyamba n'kutseka, osazindikira kuti pansi pali masamba ena, choncho ndinalemba dzina la tsambalo pamodzi ndi nambala ya kabokosi. Kotesheni ya mmisiri inali yongochitira umboni.

Nditadziwa zimenezi, ndinaphatikiza mafayilo atatuwo kaye, ndisanalembe kalata ndiponso ndisanaike adiresi ya olandira, kuti imelo isapite yopanda kanthu ngati chala chagunda Send msanga. Pa mutu wa imelo ndinalemba kuti "Mgwirizano wa denga v3: tikupempha chivomerezo chanu pofika Lachinayi". Kalatayo inali yotere:

"A Wapampando ndi a Msungichuma, ndakutumizirani mafayilo atatu okhudza ntchito yokonza denga. Yoyamba ndi mgwirizano, ndipo ikulowa m'malo mwa v2 imene munalandira kale. Zasintha ndi ndime 5 ndi 6 zokha, pa tsamba 4. Ndime zina zonse zili monga munazionera. A Wapampando, ndikupempha kuti muone ngati mukuvomereza kuti malipiro aperekedwe m'magawo atatu monga ndime 6 ikunenera. Yachiwiri ndi bajeti. A Msungichuma, ndikupempha kuti mutsegule tsamba lotchedwa Zogula, muone mtengo wa mayendedwe mu kabokosi E14 umene wakwera, ndipo mutsimikize kuti chiwerengero chonse cha mu E22 chikufanana ndi chimene chalembedwa mu ndime 5 ya mgwirizano. Yachitatu ndi kotesheni ya mmisiri, ya masamba 4, imene simukuyenera kuchitapo kanthu. Ndaiikapo kuti muone kumene mtengo watsopanowo wachokera, pa tsamba 3. Chidindo cha pa tsambalo sichikuoneka bwino, koma pepala lenileni lili ku ofesi. Mayankho anu akafika pofika Lachinayi, ndikonza kope la PDF loti lisainidwe."

Chiganizo chakuti ndime zina zonse sizinasinthe ndimachiona kukhala chofunika kwambiri, chifukwa ndi chimene chimamasula munthu kuti asabwerezenso masamba 9. Komabe ndi lonjezo lolemera, ndipo sindilemba ndisanatsimikize. Ndinayerekeza `v2` ndi `v3` pogwiritsa ntchito Compare, imene imapezeka pa Review mu Word, ndipo nditaona kuti palibenso china chosiyana ndinalemba chiganizocho. Kutchula kuti mafayilo ndi atatu ndiponso kuti kotesheni ili ndi masamba 4 kulinso ndi cholinga chake: wolandira akapeza awiri, kapena masamba atatu, amadziwa yekha kuti china chatsala. Za chidindo chosaoneka bwino ndinanena ndekha kuti a msungichuma asakayikire pepalalo n'kuimitsa ntchito pofunsa.

Ndinasankhanso kutchula munthu aliyense ndi udindo wake pafupi ndi ntchito yake. Imelo yopita kwa anthu awiri ikangoti "chonde onani", aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye aona manambalawo.

Ndisanatumize, ndinatsegula mafayilowo kuchokera mu imelo momwemo, osati mu foda, chifukwa imene yaphatikizidwa ikhoza kukhala yakale yokhala ndi dzina lofanana. Ndinaona kuti E14 ndi E22 ndi timabokosi tolondola, popeza mzere umodzi ukawonjezedwa pamwamba manambala onse a pansi amasuntha. Ndinafufuzanso ngati mu bajeti mulibe tsamba lobisika kapena ndemanga zosayenera kutuluka. Kukula kwa mafayilo sikunali vuto, koma ndimakumbukira kuti Gmail imalola 25 MB, ndipo fayilo yoposa pamenepo imaisandutsa linki ya Google Drive. Zikatero ndimanena m'kalatamo kuti imeneyo ndi linki, ndipo ndimatsimikiza kuti olandira apatsidwa chilolezo choitsegula.

A msungichuma anayankha kuti E22 ikugwirizana ndi ndime 5, koma a wapampando anapempha kuti gawo lomaliza la malipiro liperekedwe ntchito itayenderedwa. Ndinakonza ndime 6, n'kusunga fayiloyo monga `v4`, ndipo ndinaiphatikizanso, popeza Reply satenga mafayilo a mu imelo yoyamba ngati mmene Forward amachitira. M'yankho langa ndinalemba kuti fayilo ndi imodzi, kuti ikulowa m'malo mwa `v3`, kuti chasintha ndi chiganizo chomaliza cha ndime 6, ndiponso kuti bajeti ndi kotesheni zikadali zomwe zija anazilandira kale.