Kapepala ka madzi a mchere ndi shuga: kusintha kwachitatu

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikukonza timapepala ta uthenga ta bungwe lathu la maliro kuno ku Dzivarasekwa, mu mzinda wa Harare, ntchito imene ndimaichita madzulo chifukwa choikonda. Mwezi uno wa Okutobala ndatanganidwa ndi kapepala ka nyengo ya dzinja, koti kagawidwe mvula isanayambe mu Novembala. Tonse tikukumbukira kolera wa mu 2008, ndiponso wa mu 2018 amene anavuta kwambiri ku Glen View ndi ku Budiriro, madera a mu Harare momwemu, choncho akuluakulu a bungwe anapempha kuti uthenga wa chaka chino ukhale wa kakonzedwe ka madzi a mchere ndi shuga opatsa munthu wotsegula m'mimba. Muyeso ndinautenga monga momwe amaphunzitsira m'zipatala za kuno ku Zimbabwe: madzi owiritsa mamililita 750, masipuni aang'ono 6 a shuga, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere, zonse zosefula pamwamba, osati zodzaza mulu.

Ambiri mwa amene adzalandire kapepalaka ndi agogo athu amene anachokera ku Malawi kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'mafakitale. Chichewa amachiyankhula bwino lomwe, koma kuwerenga amachita kugwirizanitsa zilembo pang'onopang'ono, ndipo ena amawerengeredwa ndi zidzukulu zimene kusukulu zinaphunzira Chishona ndi Chingerezi.

Kapepala koyamba ndinakalemba ngati kalata. Mutu wake unali wakuti "Zimene mungachite mukangoona kuti wina wayamba kutsegula m'mimba", ndipo pansi pake panali ndime ziwiri zodzaza. Nditakayesa pa anthu asanu pambuyo pa msonkhano wa bungwe, ndinaona kuti atatu anaima pa mawu akuti "mukangoona", nabwerera kukayambiranso mzere. Chichewa chathu chimalumikiza tizigawo tambiri m'mawu amodzi, moti mawu amene pakamwa amatuluka mosavuta, papepala amakhala chingwe chachitali chimene wowerenga movutikira amafika kumapeto kwake ataiwala poyambira. Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo lakuti mzere uliwonse uyambe ndi chochita pamene n'kotheka, monga "Wiritsani", "Thirani", "Mwetsani", ndipo usapitirire mawu asanu. Mutu unasanduka funso lalifupi: "Kutsegula m'mimba?"

Vuto lalikulu, limene landisowetsa tulo sabata ino, linali pa manambala. Poganiza kuti mawu ndi osavuta kuposa nambala, ndinalemba kuti "masipuni asanu ndi imodzi a shuga". Gogo wina wamwamuna anawerenga kuti "masipuni asanu", nakweza mutu kusonyeza kuti wamva, osafika pa "ndi imodzi". Cholakwa sichinali chake. M'Chichewa manambala oyambira 6 mpaka 9 timachita kuwaphatikiza, ndipo mawu oyamba paokha amapereka kale nambala yathunthu koma yolakwika. Komanso pamsika palibe amene amanena kuti "asanu ndi imodzi". Tonse timati "sikisi". Anthu omwewa amene amavutika ndi ziganizo amadziwa bwino manambala a pa ndalama, pa mitengo ya ku Mbare Musika ndi pa foni ya m'manja, choncho nambala 6 yolembedwa yaikulu imawerengeka msanga kuposa mawu alionse.

Pa kapepala kachiwiri ndinasintha zonse kukhala manambala, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa moopsa. Pa mchere ndinalemba ½. Nditafunsa gogo wina wamkazi kuti, "Agogo, mchere muthira wochuluka bwanji?", anayang'ana nthawi yaitali nayankha kuti, "Mwanangu, apa alemba imodzi kapena ziwiri." Mdzukulu wake wamng'ono anawerenga kuti 12. Shuga akaperewera pang'ono madziwo amangochepa mphamvu, koma mchere ukachuluka kanayi ungathe kuvulaza mwana amene thupi lake lataya kale madzi. Ndinachotsa chizindikirocho tsiku lomwelo, ndipo m'malo mwake ndinalemba mawu akuti "theka" ndi kujambula sipuni imodzi yodetsedwa mbali imodzi yokha. Pa shuga ndinajambula masipuni asanu ndi imodzi ondandalika mzere umodzi pambali pa nambala 6, kuti amene satha kuwerenga awerengere ndi chala. Ndaphunzira kuti nambala yathunthu imafunika kulembedwa ngati nambala, koma chigawo cha nambala chimafunika mawu ndi chithunzi.

Njira yoyesera nayonso ndinaisintha. Poyamba ndinkafunsa kuti, "Mwamva, agogo?", ndipo aliyense ankavomera mwaulemu, pakuti munthu wamkulu safuna kukhumudwitsa mwana amene wamubweretsera chinthu. Tsopano ndimanyamula botolo, sipuni, shuga ndi mchere m'chikwama, n'kupempha munthuyo kuti akonze madziwo potsatira pepala, ine ndili chete. Apa ndi pamene ndinaona kuti awiri anadzaza sipuni mulu, ndipo mmodzi anapempha sipuni yaikulu yodyera phala. Ndinawonjezera mawu akuti "ya tiyi", komanso chithunzi cha chala chikusefula pamwamba pa sipuni.

Za kaikidwe ka zinthu papepala sindinena zambiri, chifukwa zinayenda popanda vuto lalikulu. Ndimagwiritsa ntchito A5, kutanthauza kuti pepala limodzi la A4 limatulutsa timapepala tiwiri. Mutu uli pa saizi 40, mizere ina pa saizi 20, ndipo ndinasankha zilembo za Verdana chifukwa mu Arial chilembo cha l chaching'ono ndi I wamkulu zimaoneka zofanana. Zilembo zazikuluzikulu zokhazokha ndinazisiya, pakuti zimachititsa mawu onse kuoneka ngati njerwa zofanana. Mitundu ndinaichotsanso, popeza makina a fotokope anasandutsa chofiira ndi chobiriwira kukhala mtundu umodzi wotuwa, ndipo mawu amene anali pamwamba pake anazimiririka. Ndinachotsanso manambala a 1, 2, 3 otsogolera mizere, chifukwa "2" woyambirira pa mzere wa shuga akanatha kuwerengedwa ngati muyeso. M'malo mwake muli mivi yoloza pansi.

Kapepala kachitatu kali ndi mizere iyi yokha: "Wiritsani madzi, azizire." "Dzazani botolo, 750 ml." "Shuga: masipuni 6 a tiyi." "Mchere: theka la sipuni." "Mwetsani pang'onopang'ono." Pansi penipeni, m'bokosi lakelake, pali mawu akuti "Pitani kuchipatala msanga", chifukwa madziwa ndi othandiza munthu panjira, ndipo sindikufuna kuti wina aganize kuti pepala langa lalowa m'malo mwa namwino. Loweruka lapitali anthu asanu ena anayesa, ndipo onse anathira shuga ndi mchere molondola.

Chatsala ndi botolo. Awiri mwa asanuwo anandiuza kuti kunyumba kwawo kuli mabotolo a malita awiri ndi timabotolo ta 500 ml, ndipo nambala 750 payokha sinawauze kanthu. Ndikuyesa kujambula botolo limodzi la 500 ml lodzaza ndi lina lofika pakati, koma ndikuopa kuti mawu akuti "theka" akaoneka kawiri papepala limodzi asokoneza muyeso wa mchere. Lachitatu ndipita nazo zithunzi zonse ziwiri kwa namwino wa kuchipatala chathu chaching'ono kuti aziyang'ane, ndipo sindisindikiza mapepala 100 a A4 amene bungwe lavomereza kufikira botololi litayesedwanso m'manja mwa agogo.