Nsapato za mayi, ndalama za mwana

Sabata yoyandikira pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, mushopu mwanga ku Limbe simukhalika. Ogula ambiri sindiwaona nkhope. Amaitanitsa pa foni, katundu n'kupita kwa munthu wina.

Lolemba mnyamata wina wa ku Joni anasankhira mayi ake a ku Balaka chitenje cha K20,000 ndi nsapato za K45,000, kuwonjezerapo K8,000 yotumizira. Ndalama anatumiza kwa mlongo wake pa Mukuru, mlongoyo n'kundiponyera pa Airtel Money. M'buku mwanga ndimalemba anthu atatu: woitanitsa, mwini nambala yomwe yalipira, ndi wolandira. Masiku ambiri zimaoneka ngati kungotha inki.

Lachiwiri ndinaimbira mayiwo kuti tigwirizane polandirira katundu. "Ndinu ndani? Ine sindinagule kanthu," anatero, n'kudula. Sindinawadandaule, akuba a pa foni amayambanso chimodzimodzi. Mwana wawo ankafuna kuwadzidzimutsa, koma ndinamuuza kuti awaimbire yekha, apo ayi phukusi lingokhala ku ofesi ya otumiza katundu mpaka kubwerera. Lachitatu phukusi linafika, muli kakalata kopanda mitengo.

Lachinayi mayi aja anaimba okha. Nsapato zawathina. Mwana anatchula saizi 6 pomwe iwo amavala 7, ndipo 7 inali itatha. Ikanakhalapo tikanangosinthana, chifukwa kusintha saizi ndimapangana ndi wolandira, ndalama siyenda. Koma iwo anati, "Mwanangu, ingondipatsani ndalamayo ndiwonjezere pa feteleza."

Mtima unafuna, koma ndinawapempha kuti adikire kaye. Ndalama ndimabwezera ku nambala yomwe inachokera, pokhapokha eni ake atandiuza zina. Ndikapatsa mayi, mawa mlongo uja atha kubwera ndi uthenga wosonyeza kuti analipira ndi iye, ine n'kubweza kawiri. Komanso ndikawapatsa K45,000 ndiye kuti ndaulula mtengo umene mwana wawo anabisa dala.

Ndinalembera mnyamatayo pa WhatsApp kuti asankhe: adikire saizi 7, ndalama ibwerere kwa mlongo wake, kapena ipite kwa mayi. Anayankha usiku kuti kwa mayi. Ndinapempha mlongoyo kuti nayenso avomere polemba, pa nambala yomwe ija, ndipo mauthenga onse awiri ndinawajambula n'kusunga. Za K8,000 tinakanganako pang'ono ndi mnyamatayo. Ikanakhala kuti saizi ndinalakwitsa ndine, ndikanabweza yonse n'kulipiranso yobwerera. Apa 6 analemba yekha, uthenga wake ulipo, choncho yotumizira konsekonse inali yake.

Nsapato zinafika Loweruka m'mawa. Ndinazitembenuza kuona kunsi: zoyera, sizinapondepo dothi. Ndinatumiza K45,000 ku Mpamba ya mayiwo, n'kuwaimbira kuti aone ngati yalowa. Anati yalowa, kenako n'kufunsa motsitsa mawu ngati nsapato zokhazo zinalidi za ndalama zonsezo.