Zimene ndinaphunzira pothira klorini m'mapaipi atsopano a madzi akumwa

Ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a ntchito yoika mapaipi kuno ku Lusaka, ndipo sabata yatha aphunzitsi athu anatitengera ku nyumba ina yomwe yangomangidwa kumene ku Chalala kuti tikaone mmene amayeretsera mapaipi anthu asanayambe kumwa madzi ake. Kale ndinkaganiza kuti paipi yatsopano ndi yoyera chifukwa sinagwirepo ntchito. Koma amene wakhalapo pamalo omanga akudziwa kuti mapaipi amagona pansi miyezi ingapo ali otsegula kukamwa, amalowa mchenga, matope ndi tizilombo, ndipo polumikiza timasiyamo tizidutswa ta pulasitiki ndi guluu.

N'chifukwa chake ntchito imayamba ndi madzi wamba, osati ndi klorini. Tinachotsa tisefa ta kukamwa kwa mipopi ndi mitu ya mashawa, tinatsuka thanki, kenako tinatsegula mpopi uliwonse mpaka madzi atayera. Klorini amathera pa chonyansa chilichonse chimene wakumana nacho, choncho ukamuthira m'paipi ya matope amatha mphamvu asanaphe tizilombo tobisala pansi pa matopewo. Tinazimitsanso giza ndi kutseka valavu ya madzi olowa. Nyumbayi imamwa madzi a mjigo wake, koma pa nyumba yolumikizidwa ku mapaipi a kampani ya madzi ya Lusaka kutseka kumeneku n'kofunika kwambiri, kuti madzi amankhwala asabwerere kwa anthu oyandikana nawo.

Njira imene tinaphunzitsidwa ndi ya ku Britain, yomwe imafuna mamiligiramu 50 a klorini pa lita iliyonse kwa ola limodzi, ndipo olalo likatha payenera kutsala osachepera mamiligiramu 30. Kuwerengera kunagwera ine. Thanki inali ya malita 2,000, giza ya malita 150, ndipo mapaipi onse pamodzi anali pafupifupi mamita 100, a mamilimita 20 m'kati, omwe amasunga malita pafupifupi 31. Zonse pamodzi ndi malita 2,181, ndipo tikachulukitsa ndi mamiligiramu 50 tipeza magiramu 109 a klorini. Ufa wa klorini wotchedwa HTH umene tinali nawo unalembedwa kuti mphamvu yake ndi 65 peresenti, kotero tinagawa 109 ndi 0.65 n'kupeza magiramu 168. Ufawo tinausungunula kaye m'ndowa ya pulasitiki, tikuthira ufa m'madzi osati madzi mu ufa, titavala magolovesi ndi magalasi otchinga maso. Tinadikira kuti zoyera zonga laimu zikhazikike pansi, n'kuthira madzi apamwamba okha m'thanki ikudzaza kuti asakanikirane bwino.

Kenako tinatsegula mipopi umodziumodzi, kuyambira wapafupi ndi thanki mpaka wakutali kwambiri, kuti madzi amankhwala afike kumapeto kwa nthambi iliyonse, kuphatikizapo mipopi ya madzi otentha ndi matanki a zimbudzi. Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chachikulu cha tsikulo. Ndinatunga madzi pa mpopi wa kukhitchini, ndinaponyamo piritsi la DPD limene limasandutsa madzi kukhala apinki ngati muli klorini, ndipo mtunduwo unangooneka pang'ono n'kuzimiririka, madzi n'kukhala oyera mbee. Ndinathamangira kwa aphunzitsi n'kuwauza kuti, "Aphunzitsi, klorini sanafike kukhitchini, mwina tionjezere ufa." Iwo anandiyankha kuti, "Tanunkhiza kaye madziwo, ndiye undiuze ngati mulibe klorini." Fungo linali lamphamvu zedi. Anatifotokozera kuti piritsi limeneli linapangidwira klorini wochepa, monga wa m'madzi akumwa, ndipo klorini akachuluka kwambiri amaufufuta mtunduwo monga mmene amafufutira utoto wa nsalu. Munthu wosadziwa zimenezi amaona ngati mulibe mankhwala, naonjezera ufa, ndipo mapeto ake amaononga malabala a m'mavalavu ndi zitsulo za mipopi.

Chofunika n'kuchepetsa mphamvu ya madzi oyesawo poyamba. Tinatenga mamililita 10 ndi sirinji n'kuthira m'botolo la lita imodzi, n'kudzaza ndi madzi a mjigo omwe alibe klorini. Zikatero chimene choyezera chaonetsa timachulukitsa ndi 100, ndipo kukhitchini chinaonetsa 0.5, kutanthauza mamiligiramu 50. Ola lija linayamba kuwerengedwa pamene mpopi womaliza unafika pa 50, osati pamene tinathira mankhwala m'thanki. Pa mpopi uliwonse tinamangapo pepala loletsa kutunga, chifukwa amisiri opaka penti anali pomwepo ndipo kunkatentha.

Ola litakwana, mipopi ya m'nyumba yaikulu inaonetsa 0.4, koma mpopi wa kanyumba ka kuseri unaonetsa 0.2, ndiye kuti mamiligiramu 20 okha. Titafufuza tinapeza kuti nthambi imeneyo ndi imene inakhala nthawi yaitali m'ngalande ya matope, ndipo ife tinaitsuka mwachangu chifukwa inali kutali. Klorini wotsalayo ndiye mboni: akatsika kwambiri, ndiye kuti m'paipi munali chimene chamudya, ndipo sitinganene kuti ntchito yatheka. Anzanga ena ankafuna kuti tingoonjezera ola lina, koma aphunzitsi anakana, ndipo ine ndikugwirizana nawo, chifukwa nthawi siichotsa matope. Tinatsukanso nthambiyo ndi madzi othamanga mwamphamvu n'kubwereza ntchito yonse, ndipo ulendo wachiwiri mpopiwo unatsala pa 40.

Kutsuka kwa pambuyo pake kunatenga nthawi yaitali kuposa kuthira mankhwala. Madzi a klorini wochuluka chotere satayidwa m'dzenje la zoipa za m'chimbudzi, chifukwa amapha tizilombo timene timaola zonyansazo, komanso satayidwa m'dimba kapena mumtsinje. Tinatseka potulukira thanki, tinathiramo mankhwala othetsa klorini otchedwa sodiyamu thayosalufeti pang'onopang'ono tikuyesa mpaka klorini atatha, kenako tinakhuthula, kutsuka ndi kudzazanso thanki. Madzi oyamba a m'mipopi ndi a m'giza tinawalandirira m'migolo n'kuwachita chimodzimodzi. Mpopi uliwonse unayenda mpaka klorini wake atafanana ndi wa madzi olowa. Pa mjigo uwu zinatanthauza kuti asatsale konse, pamene madzi a kampani amabwera kale ndi klorini pang'ono, amene pa mpopi amayenera kukhala cha pa mamiligiramu 0.2 mpaka 0.5 pa lita. Giza ndi imene inachedwa kwambiri, popeza madzi atsopano amangosakanikirana ndi akale m'malo mowakankha, ndipo tinachita kuikhuthula kawiri.

Pali malire amene tinauzidwa kuti tiziwafotokozera eni nyumba momveka. Ntchito imeneyi imayeretsa mapaipi, siyeretsa gwero la madzi. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, mmene zonyansa za m'zimbudzi zimayenda mofulumira mpaka kufika m'mijigo, ndipo amene tinaona kolera ya 2017 mpaka 2018, ndi ya 2023 mpaka 2024, tikudziwa kuopsa kwake. Choncho patapita masiku awiri tinabwerera kukatunga madzi pa mjigo penipeni ndi pa mpopi wa kuseri uja, m'mabotolo ophedwa tizilombo ochokera ku labotale, amene timawasunga pozizira ndi kuwafikitsa tsiku lomwelo. Chimene chikufunidwa n'chakuti m'mamililita 100 musapezeke kachilombo kochokera m'chimbudzi kotchedwa E. coli ngakhale kamodzi. Mapepala oletsa kumwa akadali pa mipopi mpaka zotsatira zitabwera, ndipo ine ndapatsidwa ntchito yopita kawiri pa sabata kukatsegula mpopi uliwonse kwa mphindi zingapo, kuti madzi asamangokhala m'mapaipi eni nyumba asanalowe.