Chifukwa chake 2100 sichidzakhala ndi 29 Febuluwale

Lamulo limene ambiri tinaloweza ndi lakuti chaka chikagawika ndi 4 popanda chotsala, Febuluwale amakhala ndi masiku 29. Limagwira bwino pa 2020, 2024 ndi 2028. Koma 2100 chimagawikanso ndi 4, chonsecho Febuluwale wake adzathera pa 28, monga zinalili mu 1900, 1800 ndi 1700. Pamene 2000, chaka chotheranso ndi maziro awiri, chinali nalo tsikulo. Masiku apitawa ndinakhala pansi ndi pepala kuti ndione kumene zimenezi zimachokera, ndipo ndinapeza kuti nkhani yonse yagona pa mphindi 11 ndi masekondi 15.

Dziko likamazungulira dzuwa, nyengo zimabwerera pamene zinayambira pakatha masiku 365, maola 5, mphindi 48 ndi masekondi pafupifupi 45. Kalendala yokha siidziwa zidutswa za tsiku, imawerenga masiku athunthu basi. Tikati chaka chili ndi masiku 365, ndiye kuti tachitseka msanga, dziko lisanamalize ulendo wake, ndipo tatsala ndi ngongole ya maola pafupifupi 6. Pakatha zaka zinayi ngongoleyo yatsala pang'ono kukwana tsiku lathunthu. Tikaisiya osabweza, pakatha zaka 100 kalendala imakhala itasemphana ndi nyengo ndi masiku 24.

Juliasi Kaisara anakonza zimenezi pa kalendala ya Aroma, mothandizidwa ndi katswiri wa zakuthambo wa ku Alekizandiriya, Sosigenes. Kalendala yakeyo inayamba kugwira ntchito mu 45 BC: zaka zitatu za masiku 365, chachinayi cha masiku 366. Mukagawa tsiku loonjezeralo pa zaka zinayi, chaka chilichonse chimalandirapo maola 6.

Vuto lili pomwepo. Ngongole inali maola 5, mphindi 48 ndi masekondi 45, ife tikubweza maola 6. Tikupitiriza ndi mphindi 11 ndi masekondi 15 chaka chilichonse. Pa zaka zinayi ndi mphindi 45. Munthu wokhala ndi moyo zaka 80 amangoona kusiyana kwa maola 15, kumene palibe angakuzindikire poyang'ana kumwamba. Koma chulukitsani mphindi 11 ndi masekondi 15 ndi 128, mupeza mphindi 1,440, ndiwo maola 24 ndendende. Choncho kalendala ya Kaisara imaphonya ndi tsiku limodzi pa zaka 128 zilizonse.

Pamene pamafunika kudekha ndi pa funso lakuti kuphonyako kumalowera kuti. Chaka cha kalendala chikatalika kuposa cha dzuwa, kalendala ndiyo imachedwa. Dzuwa limafika pamalo ake kalendala isanafike pa deti lomwe tinkayembekeza. Tsiku la m'Malichi limene usana ndi usiku zimalingana kutalika likagwa pa 21 Malichi lero, pakatha zaka 128 lidzagwa pa 20, pakatha zina 128 pa 19. Limabwerera m'mbuyo pa kalendala, pang'onopang'ono.

Tsiku limenelo ndi limene linachititsa kuti mpingo wa Katolika ulowererepo. Pasaka amawerengedwa kuchokera pa ilo: ndi Lamulungu loyamba pambuyo pa mwezi wathunthu umene waoneka pa tsikulo kapena pambuyo pake. M'mawerengedwe a mpingo tsikulo linakhazikika pa 21 Malichi, pafupi ndi pamene linkagwa m'nthawi ya msonkhano wa mabishopu wa ku Nesiya mu 325. Kuchokera 325 kufika 1582 ndi zaka 1,257. Gawani ndi 128, mupeza masiku pafupifupi 10. N'zimene zinachitikadi: pofika m'ma 1500 usana ndi usiku zinkalingana cha pa 11 Malichi, pamene mabuku a mpingo ankanenabe kuti ndi pa 21.

Papa Gregori XIII anali ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo ndaona kuti nkhaniyi imamveka bwino ukazilekanitsa. Yoyamba inali kuchotsa masiku amene anali ataunjikana kale. Analamula kuti Lachinayi pa 4 Okutobala 1582 litsatidwe ndi Lachisanu pa 15 Okutobala. Madeti 10 anadumphidwa, koma masiku a sabata sanasokonezedwe, Lachisanu linabwerabe pambuyo pa Lachinayi. Ntchito yachiwiri inali kuonetsetsa kuti kuunjikanako kusayambirenso. Maganizo ake anachokera kwa dokotala wina wa ku Itale, Aloysius Lilius, amene anamwalira zisanakhazikitsidwe, ndipo wansembe wachijezwiti wodziwa masamu, Christopher Clavius, ndiye anawalongosola ndi kuwateteza.

Lamulo la zaka zothera ndi maziro awiri likuchokera pa ntchito yachiwiriyi, ndipo masamu ake ndi amene anandisangalatsa kwambiri. Tengani mphindi 11 ndi masekondi 15 zija, muchulukitse ndi 400. Mupeza mphindi 4,500, amene ndi maola 75, kapena kuti masiku atatu ndi maola atatu. Ndiye kuti pa zaka 400 zilizonse kalendala ya Kaisara imaonjezera masiku atatu amene samafunika. Mankhwala ake ndi kuchotsa 29 Febuluwale katatu pa zaka 400.

Tsono achotsedwe pa zaka ziti? Akanatha kunena kuti tizidumpha tsikulo kamodzi pa zaka 128 zilizonse, ndipo pa masamu zikanalondola kuposa zimene tili nazozi. Koma ndani akanamakumbukira kuti chaka cha 128 chafika liti? Pa zaka 400 pali zaka zinayi zothera ndi maziro awiri, zimene aliyense amazizindikira pongoziona. Tikufuna kuchotsa masiku atatu, zaka zooneka msanga zilipo zinayi. Choncho zitatu zimalandidwa tsikulo, chimodzi chimasiyidwa nalo, ndipo chosiyidwacho ndi chimene chimagawika ndi 400. Kwa ine nzeru ya Lilius ili pamenepa: analolera kuphonya pang'ono kuti lamulo likhale loti wansembe wa kutali kapena mlembi wamba angathe kulitsata popanda buku la masamu.

Wina angafunse kuti bwanji osangochotsa pa zinayi zonsezo, lamulo lifupike. Mukatero mwachotsa maola 96 pamene ofunika kuchotsa ndi 75. Mwapitirira ndi maola 21 pa zaka 400, ndipo kalendala iyamba kuthamanga kutsogolo kwa dzuwa. Chaka ngati 2000 chimasunga 29 Febuluwale kuti zimenezi zisachitike.

Poyesa chaka, ndi bwino kuyambira pa 400 kutsika m'munsi. Chikagawika ndi 400, chili ndi masiku 366, mwamaliza. Chikapanda kutero koma n'kugawika ndi 100, chili ndi 365. Zotsalazo ndiye mumaziyesa ndi 4. Tengani 1900: mukagawa ndi 400 mupeza 4, kutsala 300, choncho sichinagawike, ndi 100 chimagawika, ndiye Febuluwale wake anali wa masiku 28. Zotsatira zake n'zakuti kuchokera pa 29 Febuluwale 1896 anthu anadikira zaka 8 kuti alionenso tsikulo mu 1904. Zomwezo zidzachitika pakati pa 2096 ndi 2104.

Ife amene tili moyo lero lamuloli silinatikhudzepo, n'chifukwa chake ambiri sitilidziwa. Kuyambira 1904 mpaka 2096 zaka zinayi zilizonse zili ndi tsiku loonjezera mosadukiza, popeza 2000 chinagwera pa chimodzi chosiyidwa chija. Munthu wolemba pulogalamu ya kompyuta akhoza kungoyesa ndi 4 yekha, pulogalamuyo n'kumayenda bwino moyo wake wonse, cholakwikacho chili phee. Chitsanzo chodziwika chili mu Excel. Lembani izi m'kabokosi:

```
=DATE(1900,2,29)
```

Idzakupatsani 29 Febuluwale 1900, tsiku limene silinakhalepo pa kalendala ya Gregori. Opanga Excel analisiya dala tsikulo kuti igwirizane ndi Lotus 1-2-3, pulogalamu yakale imene inali ndi cholakwikacho. Mukawerengetsa masiku kuchokera mu Januwale 1900 kufika deti lililonse la pambuyo pa Febuluwale wa chakacho, yankho limapitirira ndi tsiku limodzi.

Umboni wooneka bwino wakuti lamuloli limagwira ntchito uli m'mayiko amene anachedwa kusintha. Sipeni, Potugalu, Polandi ndi mbali zambiri za Itale anasintha mu 1582 momwemo, n'kudumpha masiku 10. Buliteni, dziko lachipulotesitanti limene silikanalandira msanga lamulo la Papa, inadikira mpaka 1752, ndipo inadumpha masiku 11: Lachitatu pa 2 Sepitembala linatsatidwa ndi Lachinayi pa 14. Tsiku la 11 linachokera kuti? Chaka cha 1600 chinali ndi 29 Febuluwale pa makalendala onse awiri, choncho mpata sunakule. Koma mu 1700 kalendala ya Kaisara inali nalo tsikulo, ya Gregori inalibe. Rasha inasintha mu 1918, 1800 ndi 1900 zitaonjezera masiku ena awiri, ndipo inadumpha 13: pa 31 Januwale panatsatira pa 14 Febuluwale. Mipingo ina ya Orthodox imatsatabe kalendala yakale pa zikondwerero, n'chifukwa chake Khirisimasi yawo ya pa 25 Disembala imagwa pa 7 Januwale pa kalendala ya Gregori. Chikadzadutsa 2100 mpatawo udzafika masiku 14, ndipo kuyambira 2101 idzayamba kugwa pa 8 Januwale.

Pali kanthu kena kamene ndinakapeza ndikuwerengetsa, kosakhudza dzuwa konse. Pa zaka 400 pali zaka 97 za masiku 366, ndiye masiku onse ndi 146,097. Nambala imeneyi imagawika ndi 7 popanda chotsala, ndi masabata 20,871. Choncho madeti ndi masiku a sabata zimabwereza ndendende pakatha zaka 400. Pa 1 Januwale 2000 linali Loweruka, ndipo pa 1 Januwale 2400 lidzakhalanso Loweruka.

Nanga maola atatu aja? Tinafunika kuchotsa maola 75, tachotsa 72. Otsalawo akadalipo. Chaka cha Gregori mukachigawa mofanana chimakhala masiku 365.2425, pamene cha dzuwa ndi pafupifupi 365.2422, kusiyana kwa masekondi 27 pa chaka. Maola atatu pa zaka 400 amakwana tsiku lathunthu pakatha zaka pafupifupi 3,200. Palibe lamulo limene linaikidwa lodzachotsera tsiku limenelo, ndipo ndikuona kuti kuliika panopa kungakhale kupupuluma. Masekondi 45 amene tawerengetsera aja si okhazikika mpaka kalekale: kutalika kwa chaka kumasintha pang'ono m'kupita kwa zaka masauzande, ndipo dziko likuchepetsa pang'onopang'ono liwiro limene limadzizungulira, zomwe zikutalikitsa tsiku lenilenilo. Odzakonza adzafunika kuyezanso pa nthawi yawoyo asanasankhe chaka chochotsapo tsiku.