Malemu aja ndinawayankhulitsa ndine

Sabata yathayi inayamba ngati zina zonse: makanema awiri a ukwati, timapepala ta pulogalamu ya maliro, kenako magetsi n'kuzima Lachiwiri lonse, jenereta ya pa situdiyo nayo chifereni mu Juni. Izi tinazizolowera. Chandisowetsa tulo ndi ntchito imene abwana anandipatsa Lolemba.

Mnyamata wina wa ku Joni ankafuna kanema woti akaonetse Loweruka povundukula chiliza cha bambo ake. Sankafuna zithunzi zongosinthana ndi kanyimbo pansi monga timachitira masiku onse. Ankafuna malemuwo aimirire pakhonde la nyumba yawo, amwetulire, ayankhule. Anatumiza zithunzi zitatu, uthenga wamawu wa pa WhatsApp wa masekondi 40, komanso mawu oti malemuwo anene, olemba iye mwini. Theka la ndalama linali litalowa kale.

Anzanga a ntchitoyi mukudziwa kuti si yovutanso. Nkhope mumaitenga pa chithunzi chowala bwino, pulogalamu ya pakompyuta ya AI n'kukupatsani tizidutswa ta kanema ta masekondi 5 kapena 10, mawu n'kuwaumba kuchokera pa uthenga uja, kenako kulumikiza milomo. Chinandivuta chinali dzanja. Pa chithunzi china zinkaoneka kuti bambowo analibe chala chamkombaphala kumanja, koma pulogalamu inkangowabwezera zala zisanu. Ndinabwereza kanayi, kenako ndinangodula chithunzi kuti dzanjalo lisaoneke. Pamenepo mpamene ndinayenera kuima, chifukwa munthu amene ndinkamuumbayo sanalinso iwo aja.

Lachitatu ndinawerenganso mawuwo modekha. Kumapeto kwake ankati: "Mwana wanga, nyumba ino ndi abale akowa ndakusiyira iwe." Ndinapita kwa abwana.

"Bwana, mayi amasiyewo awaona mawu awa?"

"Iwe, walipira ndi mwana wa malemu. Ife si ankhoswe."

Ndinabwerera pampando n'kumaliza. Sindikudziyeretsa ayi.

Lachisanu masana kunabwera mayi wina wachikulire ndi mlongo wawo. Mnyamata uja anali ataponya kale kanemayo pagulu la WhatsApp la kubanja, osadikira n'komwe Loweruka. Mayiwo ndiwo mkazi wa malemu, koma mnyamatayo si wawo, ndi wa kubanja loyamba. Nyumba yotchulidwayo ndi imene iwo akukhalamo ndi ana atatu. Sanakalipe. Anakhala pabenchi, foni ili m'manja, n'kundifunsa motsitsa mawu: "Mwananga, amuna angawa mawu amenewa ananena liti?" Anatinso kamwana kawo komaliza kaonera kanemayo kambirimbiri, ndipo kakufunsa ngati adadi abwera mawa.

Ndinawauza zoona, kuti sananenepo, ndinawayankhulitsa ndine. Mlongo wawo uja, atsibweni a anawo, anati azakhali ena kumudzi ayamba kale kunena kuti mwini wake wanena yekha, nkhani yatha. Kanema wotere si wilo ndipo sangakhale umboni wa zimene malemu ankafuna, koma pabwalo la abale, mawu a munthu wakufa ndani angawatsutse?

Chimandipweteka n'choti foni imodzi ikanatha zonsezi. Maliro sitiika popanda mwinimbumba, chiliza sitimanga wamasiye asakudziwa, ndiye bwanji nkhope ndi mawu a munthu tikuziumba pa chilolezo cha mwana mmodzi, poti ndiye ali ndi ndalama? Wamasiye ndiye woyamba kufunsidwa, ndipo funso si loti "tipange kanema?" basi. Awerengeredwe mawu onse, liwu ndi liwu, anene ngati amuna awo akanayankhula choncho ali moyo. Auzidwe kumene kanemayo akaonetsedwe, komanso kuti akangolowa m'mafoni sabwezeka. Za ana aang'ono asankhe ndi iwowo. Mawu okhudza chuma, kukhululukirana kapena chikhulupiriro, amenewo ine sindidzawaikanso mkamwa mwa malemu ngakhale banja lonse litavomera. Ngakhale Zelda Williams, mwana wa Robin Williams amene anamwalira mu 2014, anachita kupempha poyera mu 2025 kuti anthu asiye kumutumizira makanema opeka a bambo ake. Kuli bwanji mayi amene nyumba yake ili pachiswe.

Loweruka kanemayo sanaonetsedwe. Ndinajambula kauthenga kovomereza kuti mawuwo ndi opeka, atsibweni aja n'kukatumiza pagulupo. Mnyamata wa ku Joni akufuna ndalama zake, ndipo abwana akuti azidula pa malipiro anga. Fomu ya chilolezo imene ndinalemba usiku wa Lachisanu, yokhala ndi malo osainira wamasiye ndi mwinimbumba, ili patebulo pawo, aikapo kapu ya tiyi. Mawu oumba aja ndafufuta mukompyuta. Lero kwabwera oda ina: agogo ena akufunika avine pa ukwati wa mdzukulu wawo.