Madzi a m'chipangizo cha Dean-Stark ndi mlingo wa asidi popanga enamini

Pofuna kupanga enamini, nditaika magalamu 9.8 a sayikulohekisanoni, omwe ndi mamolo 0.10, pamodzi ndi amini wotchedwa pirolidini wochulukirapo pang'ono m'botolo lagalasi lokhala ndi tolowini, ndinkadziwa kale kuti ntchito ikatheka bwino, m'chipangizo cha Dean-Stark, chomwe chimasonkhanitsa madzi otuluka pamodzi ndi nthunzi ya tolowini wowira, mudzagwa madzi okwana mamililita 1.8. Madziwo ndiwo anali umboni wanga, chifukwa molekyu iliyonse ya kabonilo, kutanthauza yokhala ndi C=O monga sayikulohekisanoni, imene yagwirana ndi amini imataya molekyu imodzi ya madzi.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa. Poganiza kuti asidi wambiri afulumizitsa zinthu, ndinathira asidi wotchedwa p-TsOH wochuluka kwambiri, ndipo ngakhale tolowini anawira kwa nthawi yaitali, madzi ankadontha pang'onopang'ono. Chifukwa chake chili pa sitepe yoyamba: nayitirojeni wa amini amagwira kaboni wa C=O pogwiritsa ntchito maelekitironi ake awiri omasuka, koma asidi akachuluka, amini amalandira pulotoni n'kusanduka mchere, ndipo maelekitironi aja amakhala atagwidwa kale. Komabe asidi sangasowe, pakuti chimene chimapangika poyamba ndi kabinolamini, pomwe kaboni mmodzi wanyamula OH ndi nayitirojeni, ndipo OH sachoka msanga pokhapokha atalandira pulotoni kuti atuluke ngati madzi. Choncho asidi yemweyo amatsekereza sitepe yoyamba koma amatsegula yachiwiri. N'chifukwa chake, zinthu zoterezi zikachitikira m'madzi, liwiro limakwera kufika pachimake pa pH ya pakati pa 4 ndi 5, kenaka n'kutsika mbali zonse ziwiri. Pansi pa mlingowu amini womasuka amachepa, pomwe pamwamba pake kabinolamini amachedwa kutaya madzi.

Ulendo wachiwiri ndinaika timibulu tochepa chabe ta asidi, ndipo madontho anayamba kuunjikana pansi pa tolowini mpaka anafika pafupi ndi mzere umene ndinkayembekezera. Madzi akachoka pamatsala ayoni ya iminiyamu, C=N⁺, ndipo apa ndi pamene njira zimasiyana. Ndikanagwiritsa ntchito amini wa gulu loyamba, amene nayitirojeni wake ali ndi mahaidirojeni awiri, monga anilini pophatikiza ndi benizalidehaidi, nayitirojeni akanatsala ndi haidirojeni mmodzi woti ataye, n'kupanga imini, mtundu wa mankhwala umene Hugo Schiff anaufotokoza mu 1864. Koma pirolidini ndi wa gulu lachiwiri, wokhala ndi haidirojeni mmodzi yekha pa nayitirojeni, ndipo pofika apa nayitirojeni wake alibenso haidirojeni, motero pulotoni imachoka pa kaboni woyandikana ndi kaboni wa C=N⁺ uja, n'kusiya C=C yolumikizana ndi nayitirojeni. Imeneyo ndiyo enamini, imene Gilbert Stork anasonyeza ntchito yake mu 1954.

Poyeza ndi IR, njira yozindikirira mankhwala pogwiritsa ntchito kuwala kwa infrared, ndinaona kuti chizindikiro cha C=O cha pafupi ndi 1715 cm⁻¹ chazimiririka, ndipo chatsopano cha C=C chaoneka pafupi ndi 1640 cm⁻¹. Sindinatsuke enaminiyo ndi madzi a asidi, chifukwa masitepe onsewa amatha kubwerera m'mbuyo n'kundibwezera sayikulohekisanoni, ndipo ndinaisunga m'botolo louma lotsekedwa bwino.