Masiku anayi athera pa kachizindikiro kamodzi

Ndakhala ndikuyesa kufananiza katundu, ndiko kuti cholandira mphamvu, ndi gwero la siginolo kuti alandire mphamvu yochuluka, ndipo dzulo usiku ndapeza 0.97 V pa rezisita ya katundu. Pajatu ndinatsika mpaka 0.3 V, ndiye ndiloleni ndipumeko kaye.

Amene munaona wailesi yanga yopanda mabatire ija mukudziwa vuto lake. Waya amene ndinamanga kuchokera padenga kukafika pa mtengo wa mango kuno ku Area 25 ndi wamfupi kwambiri poyerekeza ndi mafunde a AM, choncho amachita ngati gwero lomwe lili ndi kapasita m'mimba mwake. M'malo molimbana ndi waya padzuwa, ndinati ndiyambe ndayeserera patebulo. Jenereta yanga ya siginolo ili ndi 50 Ω mkati. Ndinaiika pa 1 MHz, 2 V rms isanalumikizidwe kanthu, n'kuimangirira kapasita ya 1 nF motsatizana. Pa 1 MHz kapasita imeneyi ndi 159 Ω, ndiye kukana konse kwa gwero langa kunakhala Zs = 50 − j159, pomwe −j ndi mbali ya kapasita.

Tsiku loyamba ndinangoika rezisita ya 50 Ω ngati katundu. Osilosikopu inandipatsa 0.53 V, omwe ndi 5.7 mW basi. Ndinati ayi, paja amati katundu azifanana ndi gwero, bwanji ndifananize zenizeni. Ndinawonjezera kapasita ina ya 1 nF kumbali ya katundu kuti nayenso akhale 50 − j159. Zinthu zinangoipiraipira: 0.3 V, kapena 1.8 mW. Ndinasintha mawaya, ndinawotchereranso paliponse, mpaka ndinayamba kunena kapasita kuti ndi yakufa pomwe inalibe mlandu. Masiku awiri anapita choncho.

Chomwe chinandimasula ndi kungotenga pepala n'kulemba karenti yodutsa m'njira yonseyo:

```
I = V / |Zs + ZL|
P = I² × RL
```

Zs ya gwero ndi ZL ya katundu zimaphatikizidwa. −j159 kuphatikiza −j159 ndi −j318, kutanthauza kuti ndinali kutseka njira ndi manja anga omwe. Kuti karenti ikule, mbali ya j iyenera kufafanizika, ndiye katundu akhale ndi +j159: koyilo, osati kapasita. Zikatero potsala ndi ma rezisita awiri okha, ndipo apo mpamene lamulo lakale lija la RL = Rs limagwira. Kutembenuza chizindikiro cha j kotereku ndiye amati konjugeti, ZL = 50 + j159, ndipo mphamvu yochuluka yomwe ungakame pagwero ili ndi V²/(4Rs), yomwe kwa ine ndi 20 mW.

Ndisanapeze koyilo ndinayesako njira ya ulesi, rezisita yokhayokha. Ngati palibe chofafanizira j, rezisita yabwino si 50 Ω koma kukula kwa Zs yonse, 167 Ω. Masamu akupereka 9.2 mW. Ndinalumikiza 100 ndi 68, zinatuluka pafupi pomwepo. Ndi bwinoko, koma sikufika n'theka lomwe.

Koyilo yofunika ndi L = X/(2πf), pafupifupi 25 µH. Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Malangalanga kwa bambo wina wokonza mawailesi yemwe ndimamukonda chifukwa sataya kanthu, zonse amasunga m'zitini za mkaka. Ndi yemwe uja anandipezera dayodi ya jemeniyamu chaka chatha. Anandipatsa kamtengo ka ferayiti kochokera m'wailesi yakufa, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, masiku ano a foni mukufunabe zimenezi?" Ndinakulunga waya maulendo ngati 20 pa kapepala kolimba kuti ferayiti izitha kulowa ndi kutuluka. Ukamakankha pang'onopang'ono, mzere pa osilosikopu umakwera, umaima, kenaka umayamba kutsika. Poimapo ndi pomwepo.

Bwanji 0.97 V osati 1 V? Koyilo ili ndi kukana kwakekwake, kwa ine ngati 3 Ω, ndipo kumadyako gawo. Zatsala 18.8 mW. China chomwe chinandidzidzimutsa: pa koyilo payokha pali 3.1 V pomwe jenereta ikutulutsa 2 V. Si matsenga ayi, kapasita nayo ili ndi 3.1 V yotsutsana nayo, zikungobwezerana. Ndipo chonde musayese zimenezi ndi mita wamba yam'manja. Yanga pa 1 MHz imangonena zam'mutu mwake, inandidyera tsiku lachitatu.

Mnzanga wina wa zamagetsi am'nyumba anandiseka kuti theka la mphamvu likupsera m'gwero momwemo. Akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake jenereta za ku Nkula sizingayendetsedwe motere. Koma waya wanga wa pamango sindilipira, chomwe ndikufuna n'kukama kalikonse komwe wagwira.

Vuto lotsatira n'lakuti Zs ya waya weniweniyo sindinaiyeze, ndipo imasintha ndi siteshoni iliyonse, kotero koyilo imodzi siingakwanire zonse. Ndikuganiza zopanga kabuliji koyezera, kenaka koyilo yokhala ndi potulukira pangapo. Zikatheka mvula isanayambe, ndikufuna sipika ilire popanda batire mpaka amve ali kukhitchini.